Musafunse mitengo musanalembe ntchito papepala

Malume anga kwa Simlemba atagulitsa fodya ku Chinkhoma, ndalama zina anaika padera kuti aike mawaya amagetsi m'nyumba yawo yatsopano asanapake pulasitala. Anaitana amisiri atatu, aliyense tsiku lake. Woyamba anati K380,000, wachiwiri K650,000, wachitatu K940,000. Madzulo ake anandiimbira foni: "Mphwanga, wachitatuyu ndi wakuba eti?"

Nditawaimbira onse atatu ndinapeza kuti panalibe wakuba. Wa K380,000 amanena za ntchito ya manja ake okha, zipangizo agule malume. Wachiwiri anaphatikiza zipangizo, koma anawerengera soketi imodzi chipinda chilichonse, ndipo mawaya amafuna kuwayendetsa pamwamba pa khoma. Wachitatu anawerengera kusema khoma, kukwirira mapaipi, waya wa kuka, ngakhalenso thiransipoti yotengera katundu ku Kasungu boma. Anthu atatu amatchula mitengo ya ntchito zitatu zosiyana, ife n'kumaiyerekeza ngati ndi imodzi.

Ine ndimati vuto limakhala kwa ife eni nyumba. Timamuyendetsa mmisiri m'zipinda tikuloza ndi chala, "apa babu, apo soketi," ndiye mawa kukabwera wina timaiwala khonde kapena kuwonjezera kuka. Zapakamwa zimasintha tsiku ndi tsiku. Pepala limodzi silisintha, ndipo kulijambula ndi foni n'kutumizira onse pa WhatsApp sikutenga mphindi ziwiri.

Lathu tinalemba chipinda ndi chipinda. Zipinda zogona zitatu, chilichonse babu imodzi, swichi imodzi ndi soketi imodzi ya mabowo awiri. Pabalaza mababu awiri ndi masoketi atatu, kukhitchini babu imodzi, masoketi awiri ndi malo a kuka, panja mababu atatu. Pamodzi mababu 9, masoketi 8 ndi kuka imodzi. Tinajambulanso nyumbayo ndi bolopeni n'kulemba kutalika kwa makoma, chifukwa mmisiri sangadziwe mamita a waya osadziwa kukula kwa nyumba.

Pomwe anthu ambiri amapusitsidwa ndi pa kunenepa kwa waya, chifukwa ukalowa m'khoma simudzauonanso. Tinalemba kuti mababu ayendere waya wakopa wa 1.5mm, masoketi 2.5mm, kuka 6mm pa buleka yakeyake. Mmisiri wofuna kuti mtengo wake uoneke wotsika akhoza kuika 1.5mm paliponse. Tsiku loyamba zonse ziyaka bwinobwino. Koma mukadzalumikiza ketulo ndi ayironi nthawi imodzi, waya woonda uja umatentha, chikopa chake n'kusungunuka m'kati mwa khoma. Tinalembanso bokosi la mabuleka, ndi chitsulo chokwirira pansi chija amati efi, chomwe chimathawitsira magetsi m'nthaka chipangizo chikawonongeka. Pa mtengo wa wachiwiri uja efi munalibe, ndipo malume sakanadziwa.

Kumunsi tinaika mafunso oti aliyense ayankhe polemba. Mtengo wa zipangizo paokha, wa ntchito paokha. Wosema khoma ndi kutsekanso ndani? Thiransipoti alipira ndani? Mtengowu ugwira masiku angati, poti zinthu m'mashopu zimakwera sabata iliyonse? Ndipo atumize chithunzi cha chiphaso chake chochokera ku MERA, bungwe lomwe limavomereza anthu oika magetsi, chifukwa a ESCOM asanalumikize amafuna ntchito ikhale yovomerezeka.

Mwina mukuti, ine mlimi wa fodya za mamilimitazi ndizidziwira kuti? Zoona, nanenso sindine wamagetsi. Tinapempha wachitatu uja, amene amaoneka kuti amaganiza patali, atithandize kulemba, tinamulipira ya tsikulo, ndipo tinamuuziratu kuti pepalalo lipita kwa onse. Kuopsa kwake n'kwakuti wolembayo akhoza kudzazamo zinthu zosafunika. Choncho tinauza enawo kuti akaona cholakwika anene, ndipo chilichonse chosinthidwa tinkatumizira onse atatu, osati mmodzi. Woyamba uja ndiye anatikumbutsa kuti waya wochokera pomwe padzakhale mita kufika pa bokosi la mabuleka sitinaulembe.

Mitengo itabweranso inali K870,000, K905,000 ndi K960,000. Kusiyana kwa K560,000 kuja kunatsika kufika pa K90,000, ndipo tsopano kunkaoneka komwe kukuchokera: wina amadula pa ntchito, wina pa thiransipoti. Wotchipa kwambiri sanatumize chiphaso ngakhale tinamukumbutsa kawiri, ndiye malume anatenga wa K905,000. Onse awiri anasainira pepala lomwe lija, ndipo pa tsiku lomaliza malume anayenda nalo chipinda ndi chipinda akuwerenga masoketi. Pabalaza anapeza awiri m'malo mwa atatu. Mmisiri anayang'ana pepala, anaseka, n'kutenga chizulo.