Masabutaito munaika, nanga bwanji anthu sawaona?

Mwana wa mlongo wanga wa ku Chawama amapanga tumasewero toseketsa pa YouTube. Mwezi watha anakhala mausiku awiri akulemba masabutaito a Chizungu pa vidiyo ya maminiti 6, chifukwa munthu wina wa bizinesi amene samva Chinyanja anafuna kuiona asanamupatse ntchito yotsatsa malonda. Linki inatumizidwa. Yankho inabwera ya mzere umodzi chabe: "Palibe mau ali onse pansi." Mnyamata anabwera kwa ine nkhope ili gwa. "Amalume, ine nawaona pa foni yanga. Kapena akali kuwaunika?"

Tiyambe na nkhani ya kuunika. Kale YouTube inali kulola oonera kulembera ena masabutaito, ndipo yaconco inali kukhala "under review" mpaka itavomerezedwa. Mwini vidiyo naye anali kugwera mu mzere umenewo akaiwala kuti walowa na akaunti ina, cifukwa makina anali kumuona ngati mlendo. Njira ija inatsekedwa pa 28 Sepitembala 2020. Manje masabutaito a mwini chanelo sayembekezera munthu wa ku YouTube kuti awavomereze. Ngati saoneka, kambiri ntchito yatsalira kwa imwe.

Tinatsegula studio.youtube.com pa laputopu, na kudina Subtitles kumanzere. Vidiyo yake inali pansi pa Drafts, osati Published. Apa ndiye pamagwera ambiri. Kuika failo kapena kuseva sindiye kutulutsa. Draft ili ngati kalata imene mwalemba bwino koma ikali m'thumba mwanu. Imwe muiona mukatsegula editala, oonera saiona mpaka mutadina Publish. Amene mulibe laputopu, tsegulani adiresi imeneyo mu brauza ya pa foni na kusankha Desktop site.

Koma vuto inali iwiri. Titatsegula draft, mau onse anali mulu umodzi wopanda nthawi. Poika failo, YouTube imafunsa With timing kapena Without timing. Iye anasankha Without timing. Pamenepo makina amamvetsera vimene anthu akamba mu vidiyo na kuyesa kufananitsa na mau olembedwa. Izi zimasebenza ngati mau ali mu chilankhulo chimene chikambidwa, ndiponso ngati makina achidziwa. Manje osewera akamba Chinyanja cha mu komboni, pepala ili mu Chizungu. Makina afananitsa chani? Mungayembekeze mpaka bandulo ithe, palibe chimene chizachitika.

Mankhwala ake ni kuika nthawi mweka. Mungachite zimenezi mu editala, kapena kulemba failo ya .srt motere:

```
1
00:00:02,000 --> 00:00:05,500
Landlord, give me until Friday.

2
00:00:06,000 --> 00:00:08,200
Which Friday?
```

Onani bwino. Nambala ikhala pa mzere wake. Nthawi iyamba na maola, maminiti, masekondi, kenako koma, osati fulusitopu. Pakati pa chigawo na chinzake musiye mzere wopanda kanthu. Sevani mu Notepad, sankhani UTF-8, ndipo onetsetsani kuti dzina ithera na .srt, osati .srt.txt. Failo ya Word siingagwire ntchito iyi. Tinakonza zigawo zonse, tinaika na With timing pansi pa English, tinadina Publish, mau akuti Published anaoneka.

Chotsala ni mbali ya woonera. Masabutaito amenewa sanamatidwe pa chithunzi ngati aja amene mumaika mu apu yodulira vidiyo. Ni mzere wapadera umene munthu amayatsa yekha na batani ya CC. Ichi ndiye chifukwa wina akadaunilodi vidiyo na kuiponya pa WhatsApp, kambiri imafika ilibe mau. Ngati mufuna aliyense awaone popanda kudina, muwaike mu chithunzi momwemo musanatulutse vidiyo.

Kuti mudziwe pamene vuto ili, osayesa na akaunti yanu. Bwerekani foni ya mnzanu kapena tsegulani Incognito, mudine kagiya ka pa vidiyo muone zilankhulo zimene zilipo. Ngati English palibe, ndiye kuti simunatulutse, kapena munaika pansi pa chilankhulo china. Ngati ilipo koma mau sabwera, onani nthawi mu failo, mwina zaposa utali wa vidiyo. Ngati kwa mnzanu zioneka bwino, wodandaulayo sanayatse CC.

Mnyamata anatumizanso linki tsiku lomwelo, na kulemba pansi kuti "dinani CC". Wa bizinesi anaona mpaka kumapeto, ndipo Lachisanu akumana kukambirana mtengo.