Mtolo wa mapepala ndi mphindi 10 zoyamba

Mukalowa mu ofesi ya aphunzitsi pa sekondale yoyendera iliyonse kuno ku Mangochi mayeso a pakati pa teremu atangotha, mupeza mitolo ya mapepala ili pamwamba pa kabati, yomangidwa ndi luzi. Ina imakhala pomwepo sabata zitatu mpaka kuchita fumbi. Eni ake si alesi ayi. Ndi anthu omwewo amene amafika pasukulu isanakwane 7 koloko m'mawa, ena atapalasa njinga mtunda wautali mumchenga. Chimene chimawagwira ndi kuzengereza, ndipo kuzengereza kuli ndi masamu ake amene ndi bwino tiwaone.

Titenge mnzanga wina amene amaphunzitsa Bayoloje ku Fomu 3. Adali ndi mapepala 120, ndipo pepala limodzi limamutengera mphindi pafupifupi 8 kuti alichonge bwino. Mukawerengetsera, ndi mphindi 960, kapena kuti maola 16. Nthawi iliyonse akayang'ana mtolo uja, mutu wake umaona maola 16 onsewo pakamodzi. Tsiku lokhala ndi maola 16 opanda chochita kulibe, choncho tsiku lililonse limaoneka losayenera kuyamba. Akanena kuti "ndiyamba mawa," mtima umapepuka nthawi yomweyo, ndipo kupepukako ndiye msampha, chifukwa mawa lake mtima umafunanso kupepuka chimodzimodzi. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma mwambiwu umangotichenjeza, sutiuza poyambira.

Pa ndandanda yake mnzangayu adali atalemba kuti "kuchonga Fomu 3." Mawu amenewa ndi dzina la ntchito yonse, sauza dzanja choti ligwire. Tidafufuta n'kulemba kuti: "Lachiwiri, belu la buleki likangolira, pa desiki la pakona: kumasula mtolo, kutengapo mapepala 10, kuchonga funso loyamba lokha." Mapepala 110 otsalawo adawabwezera m'kabati n'kutseka, kuti asamamuyang'ane.

Taonani kuti pamzere umenewo pali zinthu zitatu: nthawi, malo ndi chimene dzanja lichite. Izi si nzeru za m'mutu mwanga. M'chaka cha 1997 akatswiri awiri a za maganizo, Peter Gollwitzer ndi Veronika Brandstätter, adasindikiza zimene adapeza atapempha ophunzira a pa yunivesite ku Germany kuti alembe lipoti la mmene adachezera usiku wa pa 24 Disembala, ndipo alilembe pasanathe masiku awiri. Gulu lina adaliuza kuti lisankhiretu nthawi ndi malo olembera, lina sadaliuze. Mwa amene adasankhiratu, oposa awiri mwa atatu aliwonse adalemba m'nthawi yake. Mwa enawo, adalemba ndi mmodzi yekha mwa atatu. Onsewo adalonjeza, koma ena adali atapatsa lonjezolo ola ndi mpando.

Ine ndimakonda kumangirira nthawiyo ku chinthu chimene chimachitika chokha, monga belu, m'malo mwa wotchi. Wotchi umatha osaiyang'ana, koma belu la buleki limakupeza. Amene sagwira ntchito pasukulu ali ndi mabelu awo: nkhani za pa wailesi zikangotha, ana akangonyamuka kupita kusukulu, kapena maboti a usipa akangokocheza.

Lachiwiri lija mnzangayu adachonga funso loyamba pa mapepala 10 m'mphindi 7 zokha. Apa adapindula kawiri. Mantha adachepa chifukwa adali atagwira kale cholembera chofiira, komanso adaona kuti kuchonga funso limodzi pa mapepala ambiri motsatizana kumafulumira kusiyana ndi kumaliza pepala limodzi lonse, poti yankho limakhala lili m'mutu ndipo sabwererabwerera kukaona pa pepala la mayankho. Malikisi amaperekedwanso mofanana, mwana wa pepala loyamba ndi wa pepala lakhumi amaweruzidwa ndi diso limodzi.

Mphindi 10 zitakwana adaima, ndipo ndimaumirira kuti munthu akhale ndi ufulu woima. Mukadzinamiza kuti ndi mphindi 10 pamene mumtima mukudziwa kuti mudzikakamiza maola atatu, mawa mtima sukukhulupiriraninso, ndipo ngakhale mphindi 10 zomwezo muyamba kuzithawa. Ngati mwafuna nokha kupitiriza, pitirizani. Koma musananyamuke, lembani pakapepala sitepe yotsatira, monga "funso lachiwiri, mapepala omwewa," n'kukasiya pamwamba. Mukabwera simudzayambanso kuganiza poyambira.

Pali njira ziwiri zimene ndaona njirayi ikufera. Yoyamba ndi kudya mphindi 10 zija ndi zokonzekera: kupukuta desiki, kusanja mapepala motsatira maina, kusaka cholembera chabwino. Munthu amachoka atatopa ngati wagwira ntchito, koma palibe pepala lokhala ndi inki yofiira. Muyeso wake ndi wosavuta. Mphindi 10 zikatha, kodi pali kachigawo ka ntchito yeniyeniyo kamene mungaloze ndi chala? Ngati palibe, simunayambe. Yachiwiri ndi kuika sitepeyo pa ola loipa. Kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala, 2 koloko masana m'kalasi ya malata munthu amangofuna mthunzi ndi madzi. Madzulo nako, kumene kulibe magetsi kapena azima, mumadalira tochi ya foni, ndipo foni ikakhala m'manja tonse tikudziwa kumene maso amathera. Ntchito imene mukuiopa ipatseni m'mawa kusanatenthe.

Ndiyeneranso kunena poyera kuti mphindi 10 sizimaliza ntchito. Maola 16 mutawagawa mphindi 10 patsiku angakutengereni masiku 96, teremu itatha kalekale, makolo atatopa kufunsa malipoti. Ntchito ya mphindi 10 ndi kutsegula chitseko basi. Mnzanga uja adachita zimenezi masiku awiri okha, kenako adatenga ndandanda ya sukulu n'kuwerenga mapiriyodi amene saphunzitsa. Piriyodi imodzi ndi mphindi 40, choncho mphindi 960 ndi mapiriyodi 24. Awiri patsiku, ndi masiku 12 a sukulu. Adatsiriza pa tsiku lakhumi, chifukwa cha kufulumira kuja kwa kuchonga funso limodzilimodzi. Masamu amenewa akadatha kuwachita tsiku loyamba, koma munthu amene akuopa mtolo safuna n'kuuwerengetsera komwe.

Ana a Fomu 4 ndimawauza zomwezi. "Kuwerenga Masamu" si sitepe. "Ndikangomaliza kudya, pamkeka wa pakhonde, funso limodzi la pa pepala lakale la MANEB" ndiye sitepe.

Koma mukaona kuti mwalemba sitepe yaing'ono bwinobwino, nthawi ndi malo zilipo, n'kuidumphabe katatu, musaichepetsenso. Chimene chikukuletsani si kukula kwa ntchito. Nthawi zina pamakhala posoweka chinthu china: mphunzitsi sangachonge ngati sadalembe pepala la mayankho, ndiye mphindi 10 zoyamba zipite kumeneko. Nthawi zina ndi mantha a chimene mukachipeze mkatimo. Msungichuma wa banki mkhonde amene akuzengereza kuwonkhetsa buku chifukwa akukayikira kuti ndalama za m'bokosi n'zoperewera sangathandizidwe ndi kuwonkhetsa tsamba limodzi. Pa ndandanda yake ayenera kulemba kuti Loweruka m'mawa aimbira wapampando ndi mlembi, abwere adzatsegule bukulo ndi bokosilo ali atatu, tsiku logawana lisanafike.