Tsankho pokweza anthu pantchito limayamba intavyu isanachitike

Awerengi, sabata ino ndiyambe ndi kudziulula. Zaka zingapo zapitazo ndidakhala nawo m'komiti ya anthu asanu yosankha kapitawo wa nyumba yosungiramo katundu pakampani ina yomwe ndinkagwirako ntchito. Tonsefe tinkadziona ngati anthu achilungamo, koma padangotsala pang'ono kuti timulande munthu udindo womuyenera.

Opikisana adalipo atatu. Padali mayi wina yemwe adagwira ntchito m'nyumbamo zaka 9 ndipo adali atangobwera kumene kutchuthi cha uchembere. Padali bambo wa zaka 56, mkhalakale pakampanipo. Wachitatu adali mnyamata wa zaka 31, wochangamuka ndithu, wochokera boma limodzi ndi bwana wathu, yemwenso adali wapampando wa komitiyo.

Intavyu itatha, wapampando ndiye adayamba kuyankhula. Adati mayiyu ngwakhama, koma ali ndi khanda, ndiye galimoto ya katundu ikafika usiku adzatani? Wina adati bamboyu watsala pang'ono kupuma, komanso za kompyuta zidamudutsa. Za mnyamata uja tidangoti "ameneyu timamvana naye." Palibe adatchula mawu oti mkazi, nkhalamba kapena wakwathu. Tsankho la m'maofesi ambiri limayenda chomwechi, litavala jekete.

Adatiimitsa ndi mayi wa muofesi yoona za antchito. Adafunsa modekha: "Kodi bwana, pa mafunso tafunsa aja, alipo amene tamufunsa za ntchito ya usiku?" Tidangoti kukamwa yasa. Nkhani ya usiku sidali pachikalata cholengeza za udindowo, ndipo mayi uja sitidamufunse. Mnyamatayo naye adali ndi ana awiri aang'ono, koma za ana akewo palibe adaziganizira.

Apa ndi pomwe pali chizindikiro choyamba cha kukondera: muyeso umasintha mukaona nkhope. Ngati chifukwa chokanira munthu chatulukira pokambirana, pomwe sichidalembedwe poyamba, chikayikireni. Njira yochiyesera ndi yapafupi. Tembenuzani chiganizocho, muchinene za munthu winayo. "Bamboyu ali ndi khanda, sangakhale kapitawo." Chikamveka chachilendo ponena za mwamuna, ndiye kuti chimene mukuyeza si ntchito. Chimodzimodzi mawu oti "timamvana naye". Dzifunseni kuti mumamvana pa chiyani, pa ntchito kodi, kapena poti mumacheza m'chiyankhulo chimodzi ndipo mumakumana kumaliro akumudzi?

Tidagwirizana zoyambiranso. Tidatenga chikalata cha udindowo n'kulemba zinthu zinayi zomwe kapitawo amachita, chilichonse ndi malikisi ake. Kusunga mabuku a katundu kuti agwirizane ndi zomwe zili m'mashelefu tidakupatsa 40, kutsogolera anzake 30, kugwiritsa ntchito kompyuta 20, kusunga nthawi 10. Aliyense adapereka malikisi payekha, mosaonetsana, ndipo pambali pa nambala iliyonse ankalemba umboni wochokera m'mafayilo kapena m'mayankho a paintavyu. Wapampando adaulula malikisi ake pomaliza. Izi n'zofunika chifukwa bwana akayamba kunena maganizo ake, ena onse amangovomereza. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Titaphatikiza n'kugawa, mayi uja adapeza 78, mnyamata 74, bambo 69. Mayiyo adaposa onse pa mabuku, adapeza 36 mwa 40, chifukwa pa kawerengedwe ka katundu ka zaka zitatu zotsatizana gawo lake silidasowe kanthu. Zimenezi zidali m'fayilo nthawi yonseyi, koma poyamba paja palibe adaitsegula. Udindo udapita kwa iye.

Komabe nkhani sidathere pomwepo, ndipo gawo lotsatirali ndi lomwe ndikufuna mabwana alimvetse. Mnyamata uja adapeza 25 mwa 30 pa utsogoleri, pomwe mayiyo adapeza 18. Malikisiwo sadali abodza. Mnyamatayo adagwirizirapo udindo wa kapitawo katatu mwini wake ali patchuthi, choncho adali ndi zitsanzo zambiri zofotokoza. Nanga adamusankha ndani kuti azigwirizira? Bwana yemwe uja, pakamwa pokha, popanda kufunsa ngati pali wina wofuna. Bambo uja naye adapeza 6 yekha mwa 20 pa kompyuta. Titafufuza tidapeza kuti kampani idatumizapo anthu kumaphunziro a kompyuta kawiri, ndipo maulendo onse awiri dzina lake lidasiyidwa poganiza kuti wakula.

Mukuona tsono kuti ngakhale pepala la malikisi lili ndi malire ake. Limayeza zomwe munthu waonetsa, koma silifunsa kuti adapatsidwa mpata woonetsera ndani. Kukondera kwa zaka zisanu, kwa yemwe amatumidwa kumisonkhano, kumaphunziro ndi kukagwirizira udindo, kumafika paintavyu kutasanduka luso. Mankhwala ake ndi kulemba mndandanda wa onse oyenera, kuti azigwirizira udindo mosinthana, ndiponso kulengeza poyera maphunziro aliwonse kuti wofuna alembetse yekha.

Chinthu china chomwe bungwe lililonse lingachite popanda kuononga ndalama ndi kuwerenga. Tengani mayina a onse omwe adakwezedwa m'zaka zisanu zapitazi, muwayerekeze ndi onse omwe adali oyenera kukwezedwa. Tiyerekeze kuti oyenera adali 40, theka amayi, koma mwa anthu 10 okwezedwa mayi ndi mmodzi. Nambala yokhayo sikutsimikiza kuti pali tsankho, makamaka anthu akakhala ochepa, koma ikukuuzani poyambira kufunsa. Kodi amayiwo adafunsira n'kulephera, kapena sadafunsire n'komwe? Mavuto awiriwa ndi osiyana, mankhwala akenso ndi osiyana. Chitani chimodzimodzi ndi zaka za anthu komanso madera omwe amachokera.

Malamulo a dziko lino sadakhale chete pankhaniyi. Gawo 20 la malamulo aakulu limaletsa tsankho. Lamulo la za ntchito la 2000, m'gawo 5, limaletsa kusala wantchito chifukwa choti ndi mwamuna kapena mkazi, chifukwa cha mtundu wake, chiyankhulo, chipembedzo, ulumali kapena udindo wake wosamalira banja, ndipo limatchula kukwezedwa pantchito mwachindunji. Mawu athu aja onena za khanda adali pafupi kutigwetsera m'mlandu. Lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 komanso asapitirire 60 pa 100 alionse.

Kwa inu amene mukuona kuti adakudumphani mopanda chilungamo, musathamangire kukalipa pakhonde. Lembani kalata yopempha zifukwa, mufunse muyeso womwe adagwiritsa ntchito ndi malikisi anu. Sungani chikalata cholengeza udindowo ndi malipoti a kagwiridwe kanu ka ntchito. Zikakanika pantchitopo, pali bungwe lanu la antchito, ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, komanso khoti loona milandu ya zantchito. Konseko adzafuna mapepala, osati mphekesera. Mukhalenso okonzeka kumva kuti mnzanuyo adakuposanidi, chifukwa si kudumphidwa konse komwe kuli tsankho.

Bambo uja tidamutumiza kumaphunziro a kompyuta chaka chomwecho. Adakhoza bwino, ndipo pomwe ankapuma pantchito ndi iye ankaphunzitsa anyamata atsopano kulowetsa katundu m'makina. Ine ndimakumbukirabe kuti tsiku lija, mayi wa muofesi ya antchito asadafunse funso lake, ndidali nditagwedeza kale mutu kuvomereza zomwe bwana adanena.