Mlandu wa Khofi wa M'chitini

Tsiku lina kunyumba kwanga kudabwera mlendo, mnyamata amene ndidamuphunzitsa kalekale ndipo tsopano ali pantchito yapamwamba mumzinda. Mayi a kunyumba adatereka madzi, natulutsa kachitini kathu ka khofi wosungunula. Mlendoyo atakaona adapukusa mutu nati, "Aphunzitsi, inu mukumwabe zimenezi? Uyu si khofi ayi, ndi mankhwala opangidwa m'fakitale." Ndidaseka pofuna kusunga ulemu wa mlendo, koma mawuwo adandikhala pamtima, chifukwa sikadali koyamba kuwamva. Alipo anthu ambiri ophunzira amene amanyoza khofi wa m'chitini, ndipo ukawafunsa mmene khofiyo amapangidwira amangoti kukamwa yasa. Ine ndikuti anthu otere akulakwitsa. Khofi wosungunula ndi khofi weniweni, ndipo zambiri mwa zoipa zimene amamunenera ndi zolakwa za wogula ndi wophika.

Tiyambe ndi funso limene mwana aliyense wa kumudzi angayankhe. Kodi mfutso ndi ndiwo zamasamba kapena ayi? Mayi amathyola khwanya m'dzinja, amafutsa ndi kuyanika padzuwa, nasunga m'chikwatu kufikira m'malimwe. Akadzaphika, palibe amene amanena kuti mumphikamo muli mankhwala. Ndi khwanya yemwe uja, kungoti adachotsedwa madzi. Komanso palibe amene amanama kuti mfutso umakoma chimodzimodzi ndi khwanya wothyola lero. Nkhani ya khofi wosungunula yagona pomwepa. Iye ndi khofi amene adaphikidwa kale, kenaka nkuumitsidwa. Inu mukathira madzi m'kapu mukungobwezera madzi amene adachotsedwa.

Ku fakitale amayamba monga mmene angayambire munthu wophika khofi kunyumba. Amakazinga njere za khofi mpaka zitade, nazipera mokhakhala ndithu osati mosalala ngati ufa woyera. Khofi woperayo amamuika m'mitsuko yachitsulo italiitali yolumikizana, ndipo madzi otentha amadutsa mumtsuko woyamba, kulowa wachiwiri, mpaka wotsiriza, akutenga mphamvu ya khofi paliponse. Amene adaonapo mayi akucheza chidulo, madzi akudontha kuchokera m'phulusa atatenga ukali wake, wamvetsa kale ntchito imeneyi. Kusiyana kwake nkwakuti mitsukoyo ndi yotseka kolimba, kotero madzi amatha kutentha kufika madigiri 170 kapena kupitirirapo osasanduka nthunzi, pamene madzi a m'ketulo yathu sapitirira madigiri 100. Madzi otentha chotere amakamula njere kotheratu. Masese otsala amatayidwa kapena kusonkhezera moto pa fakitale pomwepo, ndipo khofi wamadziyo amamuchepetsa madzi mpaka atakhala phalaphala.

Poumitsa pali njira ziwiri, ndipo wogula ayenera kuzidziwa chifukwa ndizo zimasiyanitsa mitengo m'sitolo. Njira yoyamba ndi ya mpweya wotentha. Khofi waphalaphala uja amapoperedwa kuchokera pamwamba pa nsanja yaitali ngati nkhungu, ndipo timadontho tikamagwa timakumana ndi mpweya wotentha kwambiri. Pofika pansi timakhala titauma kale, tasanduka ufa. Njirayi ndi yachangu ndi yotsika mtengo, koma kutenthako kumathamangitsa fungo lambiri. Njira yachiwiri ndi ya chisanu. Khofiyo amamuziziritsa mpaka madigiri 40 kunsi kwa ziro, naundana gwa ngati mwala. Amamuphwanya tizidutswatizidutswa ndi kumuika m'chipinda chimene apopamo mpweya wonse. M'chipinda chotere madzi oundana amasanduka nthunzi osayamba asungunuka, ndipo khofi amatsala wouma asadapserere. Mungamuzindikire ndi maso: wa chisanu amakhala timiyala tosongoka, tofiirira mowala, pamene wa mpweya wotentha amakhala ufa kapena timibulu tozungulira takuda. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya khofi wosungunula pamafunika makilogalamu pafupifupi awiri ndi theka a njere zosakazinga. Tsono mankhwala amene mlendo wanga ankanena alowa pati? Madzi, moto ndi chisanu, basi.

Nzeru imeneyi si yadzulo. Munthu wina wa ku New Zealand, David Strang, adalembetsa njira yake yopangira khofi wosungunula m'chaka cha 1890. Koma khofiyu adafala kwenikweni chifukwa cha vuto la alimi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 dziko la Brazil lidali ndi khofi wochuluka wosowa msika, kufikira kuti wina ankatenthedwa. Kampani ya Nestlé ya ku Switzerland idapemphedwa kupeza njira yomusungira, ndipo katswiri wake Max Morgenthaler atalimbana nayo ntchitoyi zaka zingapo, mu 1938 padatuluka khofi wotchedwa Nescafé. Cholinga chake chidali chomwe chija cha mayi wa chikwatu: kupulumutsa zokolola kuti zisaonongeke.

Sindikufuna kukhala ngati nkhoswe yokondera, yobisa zolakwa za mbale wake. Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zoona. Yoyamba ndi yakuti khofi wosungunula wambiri amapangidwa kuchokera ku mtundu wa robasita, umene ndi wotsika mtengo, wowawa, ndiponso uli ndi kafeini pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mtundu wa arabika. Arabika ndiye amalimidwa kwathu kuno m'mapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya, ndipo amene adalawako khofi wa kumeneko wokazinga chatsopano adzavomereza kuti wa m'chitini samufikako m'pang'ono pomwe. Yachiwiri ndi yakuti madzi otentha kwambiri aja amatulutsa m'njere zinthu zina zimene ketulo ya kunyumba ikadazisiya m'masese, ndipo nchifukwa chake khofiyu amamveka kakomedwe kakekake kangati shuga wopserera. Ngakhale fungo lokoma limene limakulandirani mukangotsekula chitini chatsopano, nthawi zambiri ndi fungo limene adalikola padera popanga nkulibwezeramo potseka, ndipo silikhalitsa. Zonsezi ndavomera. Koma kunena kuti chinthu nchotsikirapo nkosiyana ndi kunena kuti nchabodza. Mgaiwa ndi ufa woyera zimasiyana, koma zonse nchimanga.

Chinyengo chenicheni chili pena, ndipo ndimadabwa kuti onyozawo sachitchula. Zitini zambiri zazikulu zotsika mtengo zimene timazitcha khofi muli khofi wosakaniza ndi chikori. Chikori ndi muzu wa chomera china, umene amaukazinga ndi kuupera. Ndi wakuda ndi wowawa ngati khofi koma mulibe kafeini. Kawirikawiri amaonjezamonso shuga wochokera ku chimanga kuti ufawo uchuluke. Opanga sabisa, amalemba zonse kumbuyo kwa chitini, kuyambira chimene chachuluka kutsirizira chimene chachepa. Wolakwa ndi ife amene timagula poona kukula kwa chitini ndi chithunzi cha kapu yofuka nthunzi, kuiwala kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndemwe ndidamwa chosakanizachi zaka zambiri ndikuwongolera mayeso a ana usiku, ndikudabwa chifukwa chake tulo sitinkachoka. Sindikuti chikori ndi choipa, ena amachikonda ndithu. Ndikungoti tembenuzani chitini muwerenge. Ngati pamndandanda wa zimene zilimo palembedwa khofi yekha, ndiye kuti mwagula khofi.

Tsopano tifike pa wophika, amene ndiye mwini mlandu waukulu. Taonani mmene ambiri timachitira. Madzi aterekedwa pa nkhuni zaziwisi m'poto wosavundikira, atenga utsi. Akubwadamuka choncho tiwathira pa khofi amene tamutapa ndi sipuni yonyowa, m'kapu imene dzulo munali tiyi ndipo sinatsukidwe bwino. Chakumwacho chikawawa tithiramo masipuni anayi a shuga, kenaka nkumati khofi wa m'chitini ndi woipa. Kapu ya khofi pafupifupi yonse ndi madzi, kotero madzi akakhala onunkha utsi, amchere a pamjigo, kapena onunkha mankhwala a m'mpopi, khofi sangawabise. Tungani madzi abwino, vundikirani poto, ndipo ngati madzi a m'mpopi akununkha mankhwala atungeni madzulo agone m'ndowa yosatseka kwambiri kuti fungolo lichoke.

Madzi akawira aphuleni, mudikire mphindi imodzi kapena ziwiri. Kumbukirani kuti khofiyu adaphikidwa kale, safuna kuphikidwanso. Madzi obwadamuka amathamangitsa kafungo kochepa kamene kadatsalamo, nkusiya kuwawa kokha. Podikirapo ikani m'kapu sipuni yaing'ono imodzi yodzaza bwino, imene ndi magalamu pafupifupi awiri, pa kapu wamba ya mamililita 200. Thiranipo madzi ozizira sipuni yaikulu imodzi, mutakase mpaka timibulu tonse titasungunuka, ndipo pokhapo thirani madzi otentha aja. Mukatero simudzaona timabuluzi toyandama, ndipo madzi ozizirawo amaphoza otenthawo pang'ono. Khofi akapepuka onjezani khofi, musachepetse madzi mpaka kapu kukhala theka. Akawawa, musathamangire shuga. Tsinani mchere pang'ono kwambiri, timibulu towerengeka, muthiremo. Mchere umaphimba kuwawa pa lilime, ndipo mukaumva mcherewo ndiye kuti mwachulutsa. Mkaka uyenera kukhala wofunda, ndipo ngati ndi waufa usungunuleni padera.

Chotsala ndi chitini. Ufa umenewu uli ndi ludzu loopsa, umakoka chinyezi cha mumpweya monga umachitira mchere m'dzinja. Sipuni yonyowa, kapena kutapa khofi pamwamba pa kapu yofuka nthunzi chitini chili chotsekula, ndiye chiyambi cha kuonongeka. Mudzaona ufa ukuyamba kumatana, kenaka kuda ndi kuuma ngati phula, fungo litatheratu. Kwathu kotentha ndi kwachinyezi kuno nkwanzeru kugula kachitini kakang'ono kotha m'mwezi umodzi kapena iwiri kusiyana ndi chachikulu chokhala chaka, ndipo wa m'pepala mumuthire m'botolo louma lotseka bwino, kutali ndi moto.

Mlendo wanga uja adabweranso patapita miyezi, atanditengera paketi ya khofi wa ku Misuku wopera. Tidamuphika, ndipo nyumba yonse idanunkhira mpaka anansi adafunsa. Ndidamuthokoza kwambiri, ndipo ndimamumwa Lamulungu pamene ndili ndi nthawi yodikira kuti masese akhale pansi. Masiku enawa, m'mawa wa mwezi wa Juni chisanu chitaluma zala, ndimatsekula kachitini kanga. Mnyamatayo ndidamupangirako kapu imodzi mwa njira ndafotokozayi. Adamwa yonse, koma adakanabe kuvomera.