Musachotse sefa ya mwaye, galimoto ya dizilo ikungofuna ulendo wautali

Ngati muli ndi galimoto ya dizilo yochokera ku Ulaya yomwe inapangidwa cha m'ma 2009 kapena pambuyo pake, kawirikawiri mu ekizozi yake mumakhala sefa yogwira mwaye, imene mabuku a galimoto amailemba kuti DPF. Ikatsekeka, amakaniko ena amafulumira kunena kuti ingochotsedwa. Musavomere. Mu 2012 nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo mwaye womwewo umadzutsa mphumu. Oupuma woyamba ndi ana oima pageti la sukulu, amene mphuno zawo zili pafupi ndi ekizozi kuposa zanu.

Sefayi imaoneka ngati chisa cha njuchi. Timipata take tinatsekedwa mosinthanasinthana, kena kutsogolo kena kumbuyo, choncho utsi umakakamizika kudutsa m'timakoma ndipo mwaye umatsalira. Ikamadzaza siimakhuthulidwa ayi, mwayewo umawotchedwa momwemo, ndipo kuti upse bwino pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 600.

Pa ulendo wautali ekizozi imatentha mokwanira kuti mwaye wina uzipsa wokha pang'onopang'ono. Zikapanda kutero, kompyuta ya galimoto imadikira kuti sefa ifike pafupifupi theka, kenako imathira kadizilo koonjezera kuti ekizozi itenthe kwambiri. Ntchitoyi imatenga mphindi 10 mpaka 20, ndipo siyamba injini isanatenthe.

Tsono taganizani za kholo la ku Lilongwe lomwe limaperekeza ana kusukulu ya pa mtunda wa makilomita 4. Kupita ndi kubwerera m'mawa, kupita ndi kubwerera masana, ndi makilomita 16 patsiku, 80 pa sabata. Ulendo uliwonse ndi wa mphindi 10, pamzere wa magalimoto, ndipo injini yozizira ndiyo imatulutsa mwaye wambiri. Tsiku lomwe kompyuta yayamba kuwotcha, pangopita mphindi zitatu kholo lafika pageti n'kuzimitsa. Mawa iyesanso, izimitsidwanso. Zikapitirira choncho mwaye umaunjikana mpaka nyale ya chikasu imayaka pa dashibodi. Kusiya injini ikulira pabwalo sikuthandiza, kumangoonjezera mwaye ndi utsi pakhomo.

Mutha kudziwa kuti galimoto ili mkati mowotcha. Injini imalira mokwererapo mukaima, fani ya rediyeta imazungulira mwamphamvu ngakhale kunja kukuzizira, ndipo pamamveka fungo la chinthu chotentha. Mukaona izi, pitirizani kuyenda kwa mphindi zina m'malo mozimitsa. Musaimikenso pa udzu wouma, makamaka m'chilimwe, chifukwa ekizozi yotentha chonchi ikhoza kuyatsa moto.

Nyale ikayaka, nthawi ikadalipo. Thirani mafuta kaye, popeza galimoto zambiri sizimawotcha thanki ikatsala pang'ono kuuma. Lowani msewu wopanda zoimitsaimitsa, monga wa M1 kunja kwa tawuni, muyende kwa mphindi 20 pa liwiro loposa makilomita 60 pa ola koma losapyola malamulo, pa giya yosunga muvi wa injini pafupi ndi 2,000. Nthawi zambiri nyale imazima. Mukainyalanyaza, galimoto imadzichepetsera mphamvu ndipo pamafunika makina a kugalaja okakamiza kuwotcha. Mwaye ukachulukitsitsa ngakhale zimenezo zimakhala zoopsa, sefa imayenera kumasulidwa n'kutsukidwa kapena kugula ina.

Pali vuto lina losaonekera msanga. Kuwotcha kukamadukizidwa, dizilo woonjezera uja amatsikira mu oyilo. Mukaona oyilo akukwera pa kandodo koyezera m'malo motsika, sinthani msanga, chifukwa oyilo wosungunuka sateteza injini.

Kunena chilungamo, ulendo wautali suchiza zonse. Oyilo amasiya phulusa lomwe silipsa, n'chifukwa chake galimotozi zimafuna oyilo wa phulusa lochepa wotchulidwa m'buku lake, osati aliyense wopezeka pamsika. Ndipo nyale ikamabwererabwerera ngakhale mukuyenda maulendo aatali, mwina ma injekita akudontha kapena sensa yafa. Makaniko wochotsa sefa pamenepo wangobisa matenda. Sefa yatsopano ndi yodula, n'zoona, koma ku Britain galimoto yochotsedwa sefa yakhala ikulephera mayeso a pachaka kuyambira 2014, ndipo mapapo a ana athu sasiyana ndi a ana a kumeneko.

Ngati simunagule galimoto ndipo maulendo anu ndi a kusukulu, kumsika ndi kusikelo basi, ya petulo ikuyenerani kuposa ya dizilo. Ngati ya dizilo muli nayo kale, kapena ndi ya pachipatala yomwe imangozungulira m'tawuni, muziiyendetsa ulendo wa theka la ola pa msewu waukulu kamodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri.