Mzere umodzi sukwanira kufotokoza Pasaka



Pali pepala la mafunso limene ana akhala akubwera nalo kuchokera kusukulu, ndipo lautsa mkangano pakati pa makolo. Kumanzere kuli maina a zikondwerero: Khirisimasi, Pasaka, Pentekoste, Paskha wa Ayuda ndi Idi. Kumanja kuli tanthauzo, zochitika ndi mwezi wake. Ntchito ya mwana ndi kujambula mzere wolumikiza dzina ndi yankho. Makolo ena akwiya chifukwa Idi yalembedwa pamodzi ndi Pasaka, ati pepalalo ling'ambidwe. Ine sindigwirizana nawo. Mwana amene amakhala pa benchi limodzi ndi Msilamu, napita naye kutchuthi cha boma pa tsiku la Idi, sataya chikhulupiriro podziwa chimene mnzake akukondwerera. Mlandu wa pepalali uli pena: likuphunzitsa bodza pa nkhani ya masiku, ndipo ife akulu takhala chete chifukwa ambiri a ife masikuwo sititha kuwawerengera.

Taonani yankho lakuti Pasaka ndi wa mwezi wa Epulo. Mu 2024 tinadya Pasaka pa 31 Malichi. Kodi mwana amene anali m'kachisi tsiku limenelo alembe zimene anaona, kapena zimene zimupatse malikisi?

Pasaka alibe deti lokhazikika. Lamulo lake, limene mizu yake imafika ku msonkhano wa ku Nikeya wa m'chaka cha 325, ndi ili: dikirani 21 Malichi, penyani mwezi wa kumwamba ukhale wathunthu pa tsikulo kapena pambuyo pake, ndipo Lamulungu lotsatira ndiye Pasaka. Mu 2024 mwezi unakhala wathunthu Lolemba pa 25 Malichi, choncho Lamulungu lotsatira linali pa 31. Mu 2025 unakhala wathunthu pa 14 Malichi, deti la 21 lisanakwane, ndiye sunawerengedwe. Tinadikira wina wa pa 13 Epulo, koma tsikulo linali Lamulungu kale, ndipo lamulo likuti Lamulungu lotsatira. Pasaka anafika pa 20 Epulo. Ndi chifukwa chake amayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo Pentekoste, tsiku la 50 kuwerenga kuyambira pa Pasaka, amamutsatira kulikonse kumene wapita.

Wina anena kuti, “Akulu ampingo, izi n'zazing'ono, bola mwana adziwe kuti Yesu anauka.” Ayi, si zazing'ono. Mwezi wa kumwamba unalowa mu nkhaniyi chifukwa Ambuye anapachikidwa pa nyengo ya Paskha wa Ayuda, pamene mwanawankhosa ankaphedwa pa tsiku la 14 la mwezi wa Nisani, mwezi uli wathunthu. Werengani Eksodo 12 pamodzi ndi 1 Akorinto 5:7. Pepala lija likuti Paskha ndi kutuluka mu Igupto, Pasaka ndi kuuka kwa Yesu, mizere iwiri yosakhudzana, ngati anthu achilendo okumana pa depoti. Mwana angathe kukhoza zonse, nachoka osadziwa chifukwa chake Yohane Mbatizi anatcha Yesu Mwanawankhosa wa Mulungu, kapena chifukwa chake Mgonero umene timadya unayambira pa chakudya cha Paskha.

Anansi athu Asilamu pepalali lawalakwira koposa, pakuti Idi yomasulira kusala kwa Ramadani yapatsidwanso mwezi umodzi wa pa kalendala yathu. Chaka chawo chili ndi miyezi 12 ya mwezi wa kumwamba, masiku 354 kapena 355, choncho Idi imabwera mofulumira ndi masiku ngati 11 chaka chilichonse, ndipo pa zaka pafupifupi 33 imazungulira nyengo zonse, dzinja ndi chilimwe chomwe. Mu 2016 inali kumayambiriro kwa Julayi, mu 2025 kumapeto kwa Malichi, ndipo m'chaka cha 2000 inafika kawiri, mu Januwale ndi mu Disembala. Paskha wa Ayuda sayenda chotero, chifukwa iwo amawonjezera mwezi wa 13 kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse. Makalendala atatu osiyana aikidwa mu bokosi limodzi lolembedwa “mwezi”.

Sindikupempha kuti pepalali liletsedwe. Ndikupempha aphunzitsi a Sande sukulu ndi a kalasi ya ophunzira kuti alitenge, afufute mbali ya miyezi, ndipo m'malo mwake afunse kuti chikondwerero chilichonse chimawerengeredwa ndi chiyani: dzuwa, mwezi, kapena zonse ziwiri. Kenaka apatseni ana ntchito iyi: mu 2026 mwezi wathunthu woyamba pambuyo pa 21 Malichi ndi wa Lachinayi pa 2 Epulo. Apeze okha Pasaka ndi Pentekoste. Amene alembe 5 Epulo ndi 24 Meyi wakhoza, ndipo akulu ampingo anzanga tiyesenso ifeyo tisanakhale pa bwalo la mwezi uno.