Masiku obwezera katundu amayamba kutha katunduyo asanafike ku Kachebere

Ambirife tikamaoda foni kapena laputopu ku Joni timangoyang'ana mtengo ndi chithunzi. Ine ndimati tiziyamba ndi tsamba la malamulo obwezera katundu, chifukwa malamulowo sanalembedwe poganizira munthu wokhala ku Kachebere, kumalire a Zambia.

Sitolo ya pa intaneti ngati Takealot imapereka masiku 30 oti ubweze chinthu chomwe sukuchifunanso. Koma masikuwo amayamba kuwerengedwa katundu akafika pa adiresi yomwe inalembedwa pooda. Kwa ife, adiresiyo imakhala ya ejenti wa ku Johannesburg.

Tiyerekeze kuti laputopu ya K600,000 yafika kwa ejenti pa 1 Malichi. Iye akudikira masabata awiri kuti katundu achuluke, kenako akutumiza pabasi yodzera ku Mwanza. Ikamatsika ku Lilongwe, kukwera minibasi ya ku Mchinji mpaka kufika m'manja mwanu, pakhoza kukhala pa 24. Mwatsala ndi sabata imodzi yokha, ndipo laputopuyo iyenera kuyendanso ulendo womwewo chobwerera.

Ngakhale ifike nthawi yake, ogulitsa ena amadula ndalama yomwe amailemba kuti "restocking fee". Ndi chindapusa chobwezera katundu pashelefu, makamaka ngati bokosi latsegulidwa. Ikakhala 15 peresenti, pa laputopu ija mwataya K90,000, osawerengera thiransipoti ndi ndalama ya ejenti. Ndipo ndalama yotsalayo imabwerera pakhadi lomwe linalipira, lomwe nthawi zambiri ndi la ejentiyo.

Palinso mawu akuti "final sale", omwe amakonda kukhala pa zinthu zotsitsidwa mtengo kwambiri. Tanthauzo lake nlakuti nsapato ikakuthinani, ndi yanu basi.

Anzanga ena amati kuwerenga zonsezi nkutaya nthawi poti boma limatiteteza. Nzoona, koma pang'ono chabe. Lamulo la ku South Africa la 2008 loteteza ogula limapereka miyezi isanu ndi umodzi yobwezera katundu wopezeka ndi vuto. Ku Zambia, lamulo la 2010 limaletsa masitolo, kuphatikizapo a ku Chipata, kupachika zikwangwani zokana kubweza ndalama. Kuno kwathu madandaulo otere timapita nawo ku bungwe la CFTC. Koma chitetezochi chimalimba katundu akakhala wowonongeka. Ngati mwangosintha maganizo kapena mwalakwitsa saizi, chomwe chimalamula kwambiri ndi tsamba lija simunawerenge.

Choncho musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, funsani tsiku lomwe masiku ayambe kuwerengedwa, ndalama yomwe adzadule, komanso yemwe adzalipire ulendo wobwerera. Mupemphenso ejenti kuti ayang'ane katunduyo tsiku lomwe wafika, nkukutumizirani zithunzi ndi lisiti. Akakana, ndi bwino kugula ku Lilongwe mokwererako mtengo, komwe mungathe kubwerera nokha ndi bokosi lanu.